Imelo ikadzaza, yambani ndi makalata olemera

Akaunti yaulere ya Gmail imakhala ndi malo a magigabaiti 15, ndipo malowa amagawana ndi Google Drive komanso Google Photos. Akadzaza, simungatumize kalata, ndipo ena okulemberani makalata awo amabwezedwa.

Ambiri amathamangira kufufuta timakalata ta malonje, koma timeneti sititenga malo kwenikweni. Chimadya malo ndi zithunzi, mavidiyo ndi mafayilo omwe amabwera ndi kalata. Pamalo ofufuzira makalata lembani izi:

```
larger:10M older_than:1y
```

Mudzaona makalata okhawo oposa mamegabaiti 10 amene apitirira chaka. Tinene kuti mwapeza makalata 40 a zithunzi za ukwati, iliyonse ya mamegabaiti 20. Amenewo okha ndi mamegabaiti 800, malo amene makalata a mawu okhaokha zikwi zambiri sangadzaze. Koperani zithunzi zofunikazo pa kompyuta kapena pa fulashi, zitsegulireni kaye kuti muone ngati zakoperedwa bwino, kenako fufutani makalatawo.

Apa m'pamene ambiri amanamizika. Batani la Archive limangochotsa kalata mu Inbox, koma imakhalabe mu All Mail ikudya malo omwewo. Kusunga zakale kopindulitsa n'kuzitulutsiratu kunja kwa akaunti, monga kudzera pa Google Takeout, yomwe imakupatsani fayilo ya MBOX yoti n'kutsegula ndi pulogalamu ya Thunderbird.

Mukaona kuti mwafufuta koma malo sanachuluke, yang'anani mu Trash. Makalata amakhala m'menemo masiku 30 akuwerengedwabe, pokhapokha mutakhuthula nokha.