Nyumba ya Malamulo, Pulezidenti ndi makhoti: zimene timakhulupirira ndi zoona zake

Ambirife tikati "boma" timatanthauza munthu mmodzi amene ali pampando. Sizodabwitsa, chifukwa kuyambira 1966 mpaka 1993 Malawi anali ndi chipani chimodzi, ndipo mawu a Kamuzu Banda anali lamulo. Malamulo aakulu a dziko amene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994 anasintha zimenezi. Magawo 7, 8 ndi 9 anagawa mphamvu patatu: Nyumba ya Malamulo ikhazikitse malamulo, Pulezidenti ndi nduna zake awagwiritse ntchito poyendetsa dziko, ndipo makhoti awamasulire ndi kuweruza pakabuka mkangano.

Tiganize za mjigo wa m'mudzi. Anthu amasonkhana n'kugwirizana kuti banja lililonse lizisonkha K500 pamwezi. Komiti ya mjigo imatolera ndalamazo, kugula marabala ndi mapaipi, ndi kuitana mmisiri mjigo ukawonongeka. Wina akaletsedwa kutunga madzi pomwe iye akuti analipira, nkhaniyo imapita kubwalo la anyakwawa, amene sali m'komitiyo. Msonkhano uja uli ngati Nyumba ya Malamulo, komiti ili ngati Pulezidenti ndi nduna, bwalo lili ngati khoti. Msungichuma atati azikweza yekha msonkho, kusunga yekha ndalama, n'kumaweruzanso yekha odandaula, tonse tikudziwa kumene ndalama za mjigo zingathere.

"Pulezidenti akanena, zatha"

Pulezidenti ali ndi mphamvu zambiri, koma sangakhazikitse yekha lamulo kapena msonkho. Nduna ya zachuma imakonza bajeti, koma ndalama sizituluka m'thumba la boma aphungu asanavomereze. Chaka cha boma chikayamba bajeti isanadutse, aphungu omwewo ndiwo amaloleza boma kuwononga ndalama mongoyembekezera, ndipo chilolezocho sichipitirira miyezi inayi. Ngakhale mphamvu yokana kusaina bilu ili ndi malire. Gawo 73 limapatsa Pulezidenti masiku 21 oti asaine kapena abweze biluyo kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake. Aphungu amadikira masiku ena 21, ndipo akaivomerezanso mkati mwa miyezi itatu yotsatira, Pulezidenti ayenera kusaina, afune asafune.

Kuipa kwa chikhulupiriro chimenechi n'kwakuti chimatizoloweza kumvera zolankhulidwa pamsonkhano ngati lamulo. Wogwira ntchito m'boma amene akuganiza choncho amatulutsa ndalama chifukwa "akuluakulu anena", osafunsa ngati ndalamazo zili m'bajeti. Mankhwala akasowa m'chipatala chifukwa ndalama zake zinapatutsidwa, palibe pepala losonyeza amene analamula, ndipo palibe woti n'kumugwira.

"Ntchito ya phungu ndi kumanga milatho ndi kuthandiza pamaliro"

Chikhulupiriro ichi chili ndi pochokera. Phungu ndiye munthu wa boma amene timamudziwa nkhope, ndipo pa kampeni amalonjeza yekha milatho ndi midadada ya sukulu. Koma ntchito imene malamulo amam'patsa ndi kukambirana ndi kuvotera mabilu, kuvomereza bajeti, ndi kufunsa nduna mmene ndalama zayendera. Kumanga ndi ntchito ya maunduna ndi makhonsolo. N'chifukwa chake mu May 2025 khoti lalikulu, pomva mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linadandaula, linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo aakulu kuti aphungu aziyendetsa thumba la chitukuko la CDF komanso kumavota m'makhonsolo.

Chifukwa chake n'chomveka. Phungu akasankha yekha chitukuko ndi kontilakita, mlatho n'kukokoloka ndi mvula yoyamba, sangathe kuimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kufunsa kuti simenti inapita kuti, poti funsolo likubwerera kwa iye mwini. Ifenso tikamayeza phungu ndi mabokosi a maliro amene wagula, timam'kankhira kukagwada kwa olamula kuti apezeko ndalama. Pamenepo timakhala tataya munthu amene anayenera kuyang'anira ndalama za dziko lonse m'malo mwathu.

"Lamulo likalembedwa, khoti liyenera kungolitsatira"

Nthawi zambiri zimaterodi. Jaji sangakane lamulo chifukwa choti sakulikonda. Koma gawo 5 limanena kuti lamulo lililonse, kapena chilichonse chimene boma lachita, chikasemphana ndi malamulo aakulu a dziko chimakhala chopanda mphamvu, ndipo amene amaona ngati pali kusemphanako ndi makhoti. Chitsanzo ndi lamulo la vakabu limene tinalandira kwa atsamunda. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre, anagwidwa ndi apolisi m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake. Nkhani yake inafika kukhoti lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene anam'gwirira, linkaphwanya ufulu wa anthu popeza linkalola apolisi kumanga munthu pongomukayikira.

Tisaiwale kuti nawonso aphungu ali ndi malire. Kusintha malamulo aakulu kumafuna mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo magawo ena, monga a ufulu wachibadwidwe, amafunanso riferendamu ngati kusinthako kukukhudza tanthauzo lake. Mu July 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a Pulezidenti inapeza mavoti 125 pomwe pankafunika 128, ndipo inagwa. Tikamakhulupirira kuti cholembedwa chilichonse n'chosatsutsika, wosauka amene wamangidwa mopanda chilungamo amangolipira chindapusa kapena chiphuphu, osadziwa kuti lamulo lomwelo lingathe kuzengedwa.

"Majaji sitinawavotere, choncho asamaletse zimene osankhidwa achita"

N'zoona kuti sitivotera majaji, ndipo zinakonzedwa dala choncho. Woweruza amene akufuna mavoti angaope kugamula mokomera munthu amene gulu likudana naye. Koma khoti silitenga ntchito ya nthambi zinazo, ndipo silimadziyambira lokha milandu. Limadikira wodandaula. Zimene zinachitika pa chisankho cha Pulezidenti cha pa 21 May 2019 zikuonetsa bwino malire amenewa. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anadandaula, ndipo pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa chisankhocho atapeza zolakwika zambiri, kuphatikizapo zotsatira zofufutidwa ndi tipeksi. Majajiwo sanalengeze wopambana. Analamula chisankho china mkati mwa masiku 150, ndipo anamasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chigamulocho pa 8 May, Nyumba ya Malamulo inaika tsiku, ndipo ovota ndiwo anasankha mtsogoleri pa 23 June 2020.

Majaji nawo amalakwa, ndipo njira yokonzera ndi apilo. Ngati vuto lili m'lamulo, aphungu angathe kulisintha. Choopsa ndi kunyoza chigamulo chifukwa sichinatikomere. Makhoti alibe apolisi awoawo kapena thumba lawolawo la ndalama, amadalira kuti nthambi zinazo zimvere. Boma likazolowera kunyalanyaza zigamulo pa milandu ya ndale, tisayembekeze kuti lidzalemekeza chigamulo chobwezera mayi wamasiye munda umene analandidwa.

"Pulezidenti ndiye amasankha majaji, choncho angathenso kuwachotsa"

Kusankha kwake sikukhala kwa yekha. Jaji wamkulu amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma ayenera kuvomerezedwa ndi aphungu awiri mwa atatu alionse amene avota. Majaji ena amasankhidwa potsatira maina ochokera ku komishoni yoona za ntchito za makhoti. Akakhala pampando, jaji angachotsedwe pokhapokha ngati walephera ntchito kapena wachita khalidwe loipa, ndipo nkhaniyo iyenera kuyamba yadutsa m'Nyumba ya Malamulo. Mu June 2020, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chobwereza chichitike, boma linalengeza kuti jaji wamkulu Andrew Nyirenda apite kutchuthi mpaka nthawi yopuma pantchito. Khoti lalikulu linaletsa zimenezo, ndipo pambuyo pake linagamula kuti nthambi yoyendetsa boma ilibe mphamvu yotumiza jaji kutchuthi.

Zotsatira za makhoti omvera olamula tinaziona kale. Mu 1983 Orton ndi Vera Chirwa anazengedwa mlandu woukira boma kukhoti la makolo la chigawo cha kumwera, kumene maloya sankaloledwa kuimira oimbidwa mlandu, ndipo anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Jaji amene akudziwa kuti angachotsedwe mawa amayamba waganiza za ntchito yake asanaganize za umboni.

"Nthambi zikamakokanakokana ndiye kuti dziko lasokonekera"

Timakonda mtendere, ndipo phokoso la m'Nyumba ya Malamulo kapena chiletso cha khoti chimationekera ngati mwano. Kukokana kuli ndi mtengo wake, sitingakane. Mu 2007 bajeti inachedwa mpaka mwezi wa September chifukwa cha mkangano wa gawo 65, lokhudza aphungu osintha zipani, ndipo ntchito za boma zinatsala pang'ono kuima. Koma kukokana kochuluka ndi chizindikiro chakuti nthambi iliyonse ikugwira ntchito yake. Mu April 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, khoti lalikulu linaimitsa, odandaula atanena kuti panalibe dongosolo lothandizira anthu amene amadya akagwira ganyu tsiku lomwelo.

Chimene tiyenera kuchiopa kwambiri ndi bata lopitirira. Kuno kwathu nduna zambiri zimakhalanso aphungu, choncho mpanda wa pakati pa nthambi ziwirizi ndi wofooka kale. Tikaona mabilu a ngongole akudutsa tsiku limodzi popanda funso, makomiti a Nyumba ya Malamulo akulephera kukumana chifukwa sanapatsidwe ndalama, kapena chigamulo cha khoti chikutha miyezi osatsatidwa, tidziwe kuti mphamvu zayamba kuunjikana pamodzi. Nthawi zotere tizifunsa phungu wathu kuti anavota bwanji ndipo chifukwa chiyani, ndipo wogwira ntchito m'boma aliyense wobwera ndi lamulo tizimupempha atiuze gawo limene likumupatsa mphamvuzo. Tizifunsa mafunso amenewa ngakhale pamene chipani chimene timachikonda ndicho chikulamula, chifukwa mphamvu imene tilola mtsogoleri wathu kulanda lero idzagwiritsidwa ntchito ndi amene adzabwere pambuyo pake.