Sikisi wobisika m'kati mwa wotchi yamanambala

Wotchi yamanambala ikachoka pa 10:09 kupita pa 10:10, munthu amaona ngati yangowonjezera mphindi imodzi. Koma m'mawotchi ambiri oyendetsedwa ndi purosesa yaing'ono, pamakhala patawonjezedwanso 6 mwakachetechete.

Nkhani yake yagona pa kasungidwe ka manambala kotchedwa BCD. Baiti imodzi, yomwe ili ndi mabiti 8, imagawidwa pakati, ndipo theka lililonse limasunga nambala imodzi ya pagalasi. Mphindi 59 zimasungidwa chonchi: 0101 1001, kumanzere 5, kumanja 9. Ubwino wake ndi woti theka lililonse limangotumizidwa pamalo pake pagalasi, popanda kugawa ndi 10, ntchito yomwe mapurosesa akale monga Intel 8080 ya mu 1974 analibe lamulo loichitira. Tchipi chosunga nthawi cha DS1307 chimasungabe masekondi, mphindi ndi maola mwanjira yomweyi.

Vuto n'lakuti mabiti anayi amawerenga mpaka 15, pomwe ife timalekeza pa 9. Purosesa ikaphatikiza 1 pa 09 imapeza 0000 1010, zomwe akatswiri amalemba 0A, ndipo imeneyi si nambala ya pawotchi. Apa ndiye pamabwera lamulo la DAA. Likaona kuti theka lakumanja lapitirira 9, limawonjezera 6, kulumpha malo asanu ndi limodzi osagwiritsidwa ntchito aja, ndipo yankho limakhala 0001 0000, kutanthauza 10.

Pali pena pobisika kwambiri. Tiyerekeze kuti alamu ya pa mphindi 39 ikukankhidwa ndi mphindi 9. Purosesa imapeza 42, nambala yooneka yabwinobwino, chonsecho yankho loona ndi 48. Kungoyang'ana 2 uja sikungaulule cholakwikacho. N'chifukwa chake purosesa ili ndi kachizindikiro komwe kamayaka theka lakumanja likasefukira n'kutayira 1 kumanzere. DAA ikakapeza koyaka imawonjezera 6, ndipo 42 amasanduka 48.

Pa purosesa ya Z80, mphindi imodzi imawonjezedwa motere:

```
LD  A,(MIN)
ADD A,1
DAA
CP  60h
```

Mzere womalizawo ndi wofunika zedi, poti DAA imadziwa za makumi okha, za ola sizidziwa. Pa 59 imapereka 60, ndiye ndi udindo wa wolemba pulogalamu kubweza mphindi pa 00 n'kuwonjezera ola.

Ambiri amakodwa polemba INC A m'malo mwa ADD A,1. Lamulo limeneli silikhudza chizindikiro cha kusefukira kwa baiti yonse, choncho chikakhala kuti chinatsala choyaka, DAA imawonjezera 60 yosafunika. Kulakwa kwina kumadziulula kokha pagalasi. Wotchi yomwe mphindi zake zikulumpha kuchoka pa 9 kupita pa 16, n'kukafika mpaka 89, ndiye kuti pulogalamu yake ikuwerenga baiti ya BCD ngati nambala wamba.