Musanagule neti, werengani kansalu ka pamsoko

Dzinja likamayandikira, m'misika ya m'tauni mumadzaza maneti a udzudzu: oyera, obiriwira, ena a zingwe pamakona anayi, ena a mkombero ogwa ngati diresi la mkwatibwi. Wogula amapapasa nsalu, kufunsa ngati ikwana bedi lake, n'kuyamba kunenerera mtengo. Ndi ochepa amene amatembenuza neti kuti aone kansalu kolembedwa kamene kasokeredwa pamsoko. Komatu yankho la funso lalikulu, loti netiyo ipha udzudzu kapena ingoutchinga, lili pakansaluko.

Akuluakulu akukumbukira masiku a neti ya Chitetezo, pamene tinkagula M'bwezera n'kunyika neti m'beseni pakatha miyezi ingapo. Maneti a lero amabwera ndi mankhwala kuchokera kufakitale, ndipo bungwe la WHO limavomereza okhawo amene mankhwala ake amagwirabe ntchito atachapidwa maulendo 20 komanso atagonedwa zaka zitatu. Ngati pakansalu palibe dzina la neti, dzina la mankhwala ndi tsiku lopangira, muyese kuti mwagula katani. Idzakutchingani ikadali yatsopano, koma mkono ukakhudza nsalu usiku, udzudzu umaluma ulusi uli pakati.

Ngakhale pakati pa maneti a mankhwala pali kusiyana kwakukulu. Kwa zaka zambiri onse ankadalira banja limodzi la mankhwala lotchedwa payirethiroyidi. Neti ya Olyset ili ndi pemethirini, ya PermaNet 2.0 ili ndi delitamethirini, koma awa ndi ana a mimba imodzi, ndipo udzudzu ukazolowera mmodzi sumuopanso mnzakeyo. Ku Malawi izi zinachitika kalekale. Ofufuza anapeza udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wosamva mankhwalawa pachilumba cha Likoma m'chaka cha 2010, kenako ku Chikwawa ndi m'maboma ena. Udzudzuwu uli ndi timichere m'thupi timene timasungunula poizoni asanaugwetse. Umatera paneti, n'kuuluka uli gwa.

Opanga maneti anayankha m'njira ziwiri zimene wogula ayenera kuzidziwa. Yoyamba ndi PBO, zilembo zitatu zimene mungazione paphukusi la Olyset Plus kapena PermaNet 3.0. PBO payekha sapha udzudzu. Ntchito yake ndi kumanga manja timichere tija kuti mankhwala akale apeze mpata. Pa PermaNet 3.0 amamuika padenga pokha, chifukwa mpweya ndi fungo la munthu wogona zimakwera m'mwamba ndipo udzudzu umayamba kutera pamenepo. Vuto la PBO n'lakuti amatha msanga kuposa mnzakeyo, moti neti ikadutsa zaka ziwiri mphamvu yake yowonjezera imakhala itachepa.

Njira yachiwiri ndi kuwonjezera poizoni wamtundu wina, kulofenapiya, amene ali mu Interceptor G2 ndi PermaNet Dual. Ameneyu amatseka mphamvu m'thupi la udzudzu, ndipo umafa pang'onopang'ono, mwina pakatha masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake munthu asamaweruze neti yotere poona kuti m'mawa palibe udzudzu wakufa pansi. Pakafukufuku wa m'boma la Misungwi ku Tanzania, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, ana a m'midzi yolandira Interceptor G2 anadwala malungo mocheperako ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi ogona m'maneti akale aja. Mu 2023 WHO inalangiza kuti kumene udzudzu sumva payirethiroyidi, maneti a kulofenapiya ndiwo azikhala patsogolo. Ineyo ndingasanje chonchi: kulofenapiya poyamba, PBO pambuyo pake, ya mankhwala amodzi pomaliza.

Za maso a neti anthu amakangana kwambiri, koma nkhani yake ndi yaifupi. Maneti ambiri a poliyesita ali ndi timabowo 156 pamalo a inchi imodzi mulitali ndi mulifupi. Olyset yoyamba ili ndi maso aakulu, pafupifupi mamilimita 4, ndipo ambiri ankaikayikira kuti udzudzu ulowa. Mankhwala akadali amphamvu, udzudzu sufinyika pabowo osakhudza ulusi. Akafooka m'pamene maso aakulu amasanduka khomo. Maso aang'ono nawo ali ndi mtengo wake: mwezi wa Okutobala ku Nsanje, neti yothithikana imasanduka uvuni, mwini wake n'kuikwinyira m'mwamba. Neti yokwinyidwa siteteza munthu, ngakhale itakhala ya mankhwala abwino chotani.

Pa kulimba, kansalu kaja kamanena zinthu ziwiri. Choyamba ndi ulusi: poliyesita ndi wofewa ngati nsalu, pamene poliyethilini ndi wokhakhala ngati ukonde wa nsomba. Chachiwiri ndi nambala yotsatana ndi chilembo D, monga 75D, 100D kapena 150D, imene imanena kunenepa kwa ulusi. Pa maneti awiri a poliyesita, ya 100D imapirira kuposa ya 75D. Koma musafanizire manambala a ulusi wosiyana ngati kuti ndi amodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti neti yokhakhala ndiyo yolimba, chonsecho pakafukufuku wina wa zaka zitatu ku Tanzania, Olyset ya ulusi wonenepa inkatha pafupifupi zaka ziwiri, PermaNet yofewa n'kumafika zaka ziwiri ndi theka. Kabowo kakayamba pa neti yokhakhala ya maso aakulu, kamathamanga ngati juzi ikumasuka.

Tiyerekeze mayi wa ku Chikwawa amene ana ake awiri amagona pamphasa, m'nyumba ya udzu, ndipo neti yaboma yang'ambika nthawi yogawa ina isanakwane. Wapeza zitatu: ya mkombero yopanda kansalu, PermaNet 2.0 ya 75D, ndi PermaNet 3.0. Yoyambayo aisiye. Yachiwiri ili ndi mankhwala amene udzudzu wa kwawoko unawazolowera, ndipo ulusi wake wowonda sulimbana ndi bango la mphasa, limene limadya m'munsi mwa neti usiku uliwonse poipisira. Yachitatu ili ndi PBO, komanso m'munsi mwake analuka mothithikana kuti musang'ambike msanga. Atenge imeneyo, ayang'ane kuti ndi yaitali mokwanira kupisira pansi pa mphasa popanda kukoka, ndipo ngati angathe asokerere chitenje chakale kuzungulira m'mphepete. Asanaigonere aiyanike pamthunzi tsiku lathunthu, kuti ana asadzuke nkhope zikuyabwa.

Zotsalazo zili m'manja mwa mwini nyumba. Makoswe amaboola neti imene ana adyerapo chimanga, koloboyi amaiwotcha, ndipo sopo wa ufa ndi dzuwa zimapha mankhwala. Chapani ndi sopo wamtanda m'madzi ozizira, osapitirira kamodzi pa miyezi itatu, n'kuyanika pamthunzi. M'mawa imangeni m'mwamba.

Pofuna kudziwa ngati neti yatha, azaumoyo amayeza mabowo ndi chala chachikulu, chibakera ndi mutu. Bowo la chala kapena la chibakera lisokeni tsiku lomwelo, ndi ulusi uliwonse. Mabowo olowa mutu akachuluka, neti yapuma. Ndipo musanatulutse ndalama, kumbukirani kuti m'zipatala za boma mayi woyembekezera amalandira neti yaulere akayamba sikelo. Nayonso muitembenuze, muwerenge kansalu kake.