Dzanja ndi mtima: kusiyana kwa akitasi reyasi ndi menzi reya

Pachigayo, tsiku la msika, njinga zimakhala zitatsamira khoma m'ndandanda, ndipo zambiri zimakhala zakuda, zofanana mtundu, zonse zili ndi kaliyala ndi malamba omangira matumba. Bambo wina atuluka m'chigayo ndi ufa wake, aumangirira pa njinga, nayamba kupalasa. Asanafike pamsewu, mwini njingayo akuwa kuti "Wakuba!" ndipo anthu amugwira. Kwa khamulo nkhani yatha, poti munthu wapezeka ndi njinga ya mwini. Kwa wophunzira zamalamulo nkhani yangoyamba kumene, chifukwa zomwe khamu laona ndi theka chabe la mlandu.

Pa milandu yambiri ya upandu, khoti limafuna zinthu ziwiri lisanapeze munthu wolakwa. Choyamba ndi akitasi reyasi, mawu a Chilatini otchulira mbali ya mlandu yooneka kunja: zomwe munthu wachita kapena walephera kuchita, momwe zinthu zinalili pa nthawiyo, ndi zotsatira zake. Chachiwiri ndi menzi reya, mbali ya mumtima: zomwe munthuyo ankafuna, ankadziwa kapena ankayembekezera pamene ankachita zimenezo. Chilichonse mwa ziwirizi chimafuna umboni wakewake. Kutsimikiza kuti dzanja linagwira sikutsimikiza kuti mtima unalinga zoipa.

Tiyeni tiitsate nkhani ya njingayi ndi buku la malamulo a zilango la dziko la Malawi, lomwe ndi mutu 7:01 wa malamulo athu. Gawo 271 limafotokoza kuba ngati kutenga, kapena kusandutsa chako, chinthu cha mwini mwachinyengo komanso wopanda chifukwa chokhulupirira kuti uli ndi ufulu pa chinthucho. Wophunzira aligawe gawoli pawiri. Ku mbali ya akitasi reyasi afunse kuti: kodi njinga ndi chinthu chotheka kubedwa? Kodi ndi ya munthu wina? Kodi bamboyu anaisuntha pamalo pake? Mayankho onse ndi eya. Sanafunikire kufika nayo kwawo, chifukwa kungoichotsa pakhoma paja ndi kutenga kale. Mbali yooneka yakwana, ndipo mboni zilipo zambiri.

Tsopano tiyerekeze kuti amuna anayi osiyana anachita zomwezi, mofanana ndendende. Woyamba anabwera wapansi, anasankha njinga yatsopano, ndipo anali atapangana kale mtengo ndi wogula kumudzi wina. Ameneyu ankafuna kuti mwini njinga asadzaionenso, ndipo cholinga cholanda mwini chinthu chake kotheratu ndicho chinyengo choyamba chomwe gawo 271 limatchula. Dzanja ndi mtima zagwirizana, ndipo uku ndi kuba.

Wachiwiri anabwera ndi njinga yake yakuda, ndipo pamene akumugwira, yakeyo idakali chitsamire pakhoma pomwepo. Anangosokoneza. Gawo 10 limati munthu amene wachita kanthu akukhulupirira moona mtima, komanso pa zifukwa zomveka, kuti zinthu zili mwakuti pamene sizili choncho, aweruzidwe ngati kuti zinalidi momwe iye ankaganizira. Zikanakhala momwe ankaganizira, bwenzi akupalasa njinga yake. Akitasi reyasi ilipo yonse, koma menzi reya palibe, choncho palibe mlandu wakuba.

Wachitatu akudziwa bwino kuti njingayo inabwera ndi mlamu wake, koma akuti ndi ya malemu bambo ake ndipo pogawa chuma cha masiye inagwera iye. Mwina khoti loona za chumacho lingadzamuuze kuti akulakwitsa. Ngakhale zitatero, gawo 8 limateteza munthu amene watenga katundu akukhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu pa katunduyo, wopanda cholinga chobera wina. Chomwe khoti la upandu likufufuza apa si chakuti mwini weniweni ndani, koma ngati chikhulupiriro cha wotengayo chinali choona kapena chongopeka atagwidwa.

Wachinayi anaona kuti waiwala ndalama zogayitsira thumba lachiwiri, natenga njinga ya mwini kuti athamangire kunyumba ndi kuibweza nthawi yomweyo. Wachita zosayenera, ndipo lamulo lili ndi mlandu wina wocheperako wogwiritsa ntchito njinga kapena galimoto ya mwini popanda chilolezo. Koma cholinga cholanda kotheratu panalibe, motero dzina la mlandu wake si kuba. Apa pali pochenjera. Akanakhala kuti watenga ndalama za mwini kuti agwiritse ntchito mwakufuna kwake, gawo 271 lomwelo limati chimenecho ndi chinyengo, ngakhale atalinga kudzabweza mawa. Msungichuma wa banki mkhonde amene "wabwereka" m'bokosi gulu lisakudziwa sangathawire ku mawu akuti ndimati ndibweza pakutha pa mwezi.

Amuna anayi, ntchito ya manja imodzi, zigamulo zosiyana. Chasiyanitsa ndi menzi reya. Nanga khoti limaudziwa bwanji mtima wa munthu, poti mtima wa mnzako ndi tsidya lina? Limauwerenga kuchokera ku zochitika. Kodi anabwera ndi njinga yake? Kodi njinga ziwirizo zikufananadi, kapena ina ndi yofiira? Atakuwiridwa, anaima ndi kudabwa kapena anawonjezera liwiro? Njingayo ikanapezeka patapita sabata itapakidwa penti wina ndi kuchotsedwa belu, mawu akuti ndinasokoneza sakanamveka. Ntchito yobweretsa umboni wotere ndi ya woimira boma, ndipo ayenera kutsimikiza mbali zonse ziwiri mosasiya chikayiko chomveka. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati woimbidwa mlandu atengedwe ngati wosalakwa, ndipo mlandu wa Woolmington wa ku England wa mu 1935 ndiwo ophunzira amautchula pa mfundo yakuti mtolo wa umboni uli pamutu pa boma.

Cholakwika chomwe ophunzira a chaka choyamba amagweramo kawirikawiri ndi kusakaniza cholinga ndi chifukwa. Mayi amene watenga ufa wa mnzake kuti aphikire ana ake ogona ndi njala ali ndi chifukwa chomvetsa chisoni, koma cholinga chake ndi chakuti ufawo usabwererenso kwa mwini. Gawo 9 limanena kuti chomwe chamukankha munthu kuchita kanthu sichisintha zakuti wapalamula kapena ayi, pokhapokha lamulo litanena mwapadera. Njala ya anawo woweruza adzaimva pa nthawi yopereka chilango, osati pofufuza menzi reya.

Tsopano titembenuze nkhani. Kodi mtima woipa pawokha ndi mlandu? Munthu akhoza kukhala pakhonde chaka chonse akulakalaka njinga ya mnzake, koma ngati sanadzuke kukaigwira, khoti lilibe naye kanthu. Ngakhale pamene munthu wachitapo kanthu, akitasi reyasi ya mlandu womwe akuimbidwa iyenera kukwana yonse. Mu mlandu wa White wa mu 1910 ku England, mwamuna wina anathira poizoni wa sayanaidi m'chakumwa cha mayi ake kuti awaphe. Mayiwo anapezeka atamwalira, koma madokotala anapeza kuti chinawapha ndi matenda a mtima, osati poizoniyo. Cholinga chakupha chinalipo, maliro analipo, koma imfayo sinachokere m'dzanja lake. Anamupeza wolakwa pa mlandu wofuna kupha, osati wakupha. Pa milandu yomwe imafuna zotsatira, monga imfa kapena kuvulala, kulumikiza chochita ndi chotsatiracho ndi mbali ya akitasi reyasi.

Akitasi reyasi imafunanso kuti chochitacho chichokere m'kufuna kwa munthu. Wina akakukankha m'basi, iwe nkugwera mwana ndi kumuvulaza, thupi lako ndilo lagunda koma sunachite kanthu, ndipo gawo 9 limachotsa mlandu pa zochitika kunja kwa chifuniro cha munthu kapena mwangozi, kupatula pamene lamulo likulanga kusasamala. Kusachita kanthu nakonso kumakhala akitasi reyasi pamene lamulo lakupatsa udindo. Kholo lomwe lili ndi chakudya koma likumana mwana wake wamng'ono mpaka kufooka silinganene kuti silinamukhudze.

Menzi reya nayo si ya mtundu umodzi, ndipo milandu yakupha imaonetsa bwino zimenezi. Pa gawo 209, kupha mwadala, ndi pa gawo 208, kupha kopanda cholinga chotero, mbali yooneka ndi imodzi: munthu wafa chifukwa cha zomwe wina wachita mosaloledwa ndi lamulo. Chosiyanitsa chili pa gawo 212, lomwe mwa zina limatchula kufuna kupha, kufuna kuvulaza kwambiri, kapena kudziwa kuti zomwe ukuchitazo mwachidziwikire zipha kapena kuvulaza kwambiri. Amene wamenya mnzake ndi mpini m'mutu mwamphamvu sangapulumuke ponena kuti ankangofuna kumuthyola, chifukwa kufuna kuvulaza kwambiri nkokwanira. Amene wakankha mnzake pamkangano, mnzakeyo nkumenyetsa mutu pamwala ndi kufa, nthawi zambiri amayankha mlandu wa gawo 208.

Chomaliza ndi chakuti mbali ziwirizi zikumane pa nthawi imodzi. Mlandu wa Thabo Meli wa mu 1954, wochokera ku Basutoland komwe lero ndi Lesotho, unayesa mfundoyi. Anthu anapangana kupha munthu, namumenya m'nyumba, ndipo poganiza kuti wafa anakamugubuduzira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Munthuyo anali adakali moyo, ndipo anafa ndi kuzizira kunja komwe anamusiyako. Pa apilo iwo anati pomumenya cholinga chinalipo koma sanafe, ndipo pomutaya anafa koma iwo ankaona ngati akutaya mtembo. Bwalo la Privy Council ku London linakana kudula nkhaniyo pakati. Linati zonsezo zinali chiwembu chimodzi chokonzedwa kuyambira pachiyambi, ndipo mlandu wakupha unakhala.

Pali milandu ina yomwe nyumba ya malamulo inaikonza kuti chochita chokha chikwanire, makamaka ing'onoing'ono ya pamsewu ndi ya malonda, n'chifukwa chake wophunzira asayambe ndi zomwe waloweza koma ndi gawo lenileni lomwe munthu akuimbidwa nalo. Aliwerenge pang'onopang'ono, ajambule mzere pakati pa pepala, kumanzere alembe zonse zooneka zomwe gawolo likufuna, kumanja alembe mawu onse onena za mtima, monga mwadala, modziwa, mwachinyengo kapena mosasamala. Kenako pa chilichonse afunse kuti umboni wake uli kuti. Akapeza mzere umodzi wopanda umboni, kaya kumanzere kaya kumanja, mlandu umenewo sunatsimikizike, ndipo funso lotsatira ndi lakuti kodi pali mlandu wina wocheperako womwe umboni ulipowo ungakwanitse.