Chifupikitso: kupeta nkhani kuti patsale mphale yokha

Pa mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, wophunzira amakumana ndi funso lomuuza kuti afupikitse nkhani, ndipo funsolo limatchula chiwerengero cha mawu chimene sayenera kupitirira. Ambiri akaliona amangotola ziganizo za m'nkhaniyo n'kuzilumikiza mpaka mawu atakwana. Umu ndi mmene malikisi amathawira, chifukwa wochonga akufuna kuona ngati mwanayo wamva nkhani, osati ngati amatha kukopera.

Tiyeni tiyese ndi kankhani aka ka mawu 48:

"Alimi ambiri amataya chimanga chikakhala kale m'nkhokwe. Ena amakolola chisanaumitsitse, ndiye chimachita chuku n'kuwola. Anankafumbwe nawonso amachiboola mpaka kusanduka ufa. Agogo anga ankati kachilombo kameneka n'koipa kuposa mbala. Makoswe amalowa pansi pa nkhokwe usiku, amadya, n'kuwononganso chotsalacho ndi ndowe zawo. Komanso denga likakhala lothonya, mvula imanyowetsa chimanga chonse."

Funso likuti: fotokozani zimene zimawononga chimanga m'nkhokwe m'mawu osapitirira 20.

Wokopera amayamba pa chiganizo choyamba. Akamamaliza chachitatu, mawu 20 aja amakhala atatha ndendende, koma watchula zinthu ziwiri zokha. Makoswe ndi denga zatsala panja.

Wochenjera amayamba n'kuwerenga funso, chifukwa funsolo ndiye lichero lopetera. Kenaka amawerenga nkhani kawiri: koyamba kuti aimve yonse, kachiwiri ali ndi pensulo m'manja. Pa chiganizo chilichonse amadzifunsa ngati chikuyankha funso. Chiganizo choyamba changotsegula nkhani, sichinatchule chowononga chilichonse. Mawu a agogo aja ngokoma, koma akungobwereza za anankafumbwe. Zoti makoswe amabwera usiku ndi zokometsera chabe. Zonsezi ndi gaga. Zitsanzo, miyambi, zobwereza ndi mawu ogwidwa a anthu ndizo zimayamba kutayidwa.

Zotsala ndi mfundo zinayi, ndipo amazilemba papepala lapambali m'mawu amodzi kapena awiri: chinyezi, anankafumbwe, makoswe, denga. Mawu ngati "nawonso" ndi "komanso" amuthandiza, poti kawirikawiri amalozera pamene mfundo yatsopano yayambira. Tsopano amachita kasamu kakang'ono. Mawu 20 akagawidwa pa mfundo zinayi, iliyonse ikupeza mawu osaposa asanu, ndipo pomwepo payenera kuchokanso mawu otsegulira yankho.

Apa ndiye pagona chinsinsi chopewera kukopera: vundikirani nkhani ija, muyang'ane kapepala ka mfundo kokha, n'kulemba ngati mukufotokozera mnzanu amene sanaiwerenge. Diso likakhala pa nkhani, dzanja limatsata mawu a mwini wake. Yankho likhoza kutuluka chonchi:

"Chimanga chimawonongeka chikasungidwa chili ndi chinyezi, chikagwidwa ndi anankafumbwe, chikadyedwa ndi makoswe, ndiponso chikanyowa chifukwa cha denga lodontha."

Mawu alipo 18, ndipo mfundo zonse zinayi zalowa. Taonani kuti "anankafumbwe", "makoswe" ndi "denga" sanasinthidwe. Dzina la chinthu ndi dzina basi, ndipo kulibwereza si kukopera. Chimene chimasintha ndi kamangidwe ka chiganizo. Kungochotsa "ambiri" n'kuikapo "ochuluka", zina zonse zili momwemo, ndi kukopera ndithu kovala malaya ena. Kuti mudziyese, vundukulani nkhani ija mufananitse. Mukapeza mawu anayi kapena asanu ondondozana mofanana ndi a m'nkhani, chiganizocho chimangidwenso.

Pali mbuna zina ziwiri. Yoyamba ndi kuwonjezera zimene mukudziwa. Mwana wa mlimi amadziwa kuti chiswe nacho chimadya nkhokwe, koma nkhaniyi sinatchule chiswe, choncho chisalowe. Yachiwiri ndi kupotoza tanthauzo pofuna kusunga mawu. Nkhani ikati "alimi ambiri", inu n'kulemba kuti "alimi onse", mwafupikitsa bodza.

Pomaliza werengani mawu amodziamodzi, osangoyerekeza ndi maso. Timawu ngati "ndi", "pa" ndi "cha" nato timawerengedwa. Mukapitirira malire, wochonga akhoza kudula malikisi kapena kusiya kuwerenga pomwe malirewo athera, ndiye mfundo yanu yomaliza yapita pachabe. Podula, musachotse aneni mpaka yankho kusanduka mndandanda wa mayina, pokhapokha funso litapempha manotsi. Funani pamene mawu atatu angalowedwe m'malo ndi amodzi, monga "chili ndi chinyezi" kukhala "chosauma".

Luso limeneli silifuna buku lapadera. Tengani nkhani ya m'nyuzipepala, mudzifunse funso limodzi, mudziikire malire a mawu, mulembe mutaivundikira, kenaka muwerenge mawu anu.