Bulomini Achoke Yekha Kapena Akankhidwe?

Pali timadzi tiwiri timene simungatisiyanitse ndi maso. Tonse ndi toyera ngati madzi, ndipo mukawerenga maatomu a mu molekyu iliyonse mupeza chimodzimodzi: makaboni 4, mahaidirojeni 9 ndi bulomini mmodzi. Kusiyana kwake kuli pa kayalidwe basi. M'timadzi toyamba, CH3CH2CH2CH2Br, makaboni andandana ngati chingwe ndipo bulomini wapachikika kumapeto. M'tachiwiri, (CH3)3CBr, bulomini wagwira kaboni wapakati amene wazunguliridwa ndi makaboni anzake atatu.

Tsono tengani machubu awiri ouma bwino, muthiremo mililita imodzi ya asetoni, uja amachotsera penti wa m'zikhadabo, mmene mwasungunulidwa mchere wa NaI. Dontheza timadontho tiwiri ta timadzi toyamba m'chubu china, tachiwiri m'chinzake. Pasanathe mphindi zitatu, chubu choyamba chichita mbuu ndipo tiufa toyera tiyamba kudikha pansi. Chachiwiri chingokhala phee. Kenaka bwerezani ndi machubu ena awiri, koma tsopano muli etanolo wosungunuliramo AgNO3. Zinthu zitembenuka: timadzi tija tinakana kusuntha tipanga chimtambo chachikasu pang'ono nthawi yomweyo, pamene taliwiro tija tidikira mpaka mutatenthetsa chubucho.

Chimene chachitika m'machubu onse osinthawo ndi chimodzi. Bulomini wachoka pa kaboni wake ndipo china chalowa m'malo mwake. Funso nlakuti, wachoka bwanji? Yankho linaperekedwa m'zaka za m'ma 1930 ndi Edward Hughes ndi Christopher Ingold a pa University College London, amene anasonyeza kuti njira zilipo ziwiri, ndipo anazitcha SN1 ndi SN2.

Timadzi tathu tili m'banja la mahaloalikeni, mamolekyu a kaboni ndi haidirojeni okhala ndi kilorini, bulomini kapena ayodini. Bulomini amakokera kwa iye maelekitironi omumanga ndi kaboni, motero kaboniyo amatsala wosowa. Chilichonse chokhala ndi maelekitironi awiri oti chipereke kwa kaboni wosowayo chimatchedwa nyukiliyofailo. Taganizani benchi yodzaza anthu. Mwina wobwera angakhale chakumapeto kuno nkumakankha mpaka wakumapeto uko atagwa, kapena angadikire kuti wina anyamuke yekha, malo apezeke. Kukankhako ndiye SN2: nyukiliyofailo amalowera kumbuyo kwa kaboni, mbali yotalikirana ndi bulomini, ndipo kulowa ndi kutuluka kumachitika kamodzinkamodzi. Kudikirako ndiye SN1: bulomini amayamba wachoka yekha ndi maelekitironi onse awiri, kusiya kaboni wa chaji ya +, wotchedwa kabokatayoni, amene amagwira msanga chilichonse chili pafupi.

Ophunzira ambiri amakodwa pa manambalawa. Iwo sawerenga masitepe ayi, pakuti SN1 ili ndi masitepe awiri pamene SN2 ili ndi imodzi. Amawerenga zinthu zimene zimatenga mbali pa sitepe yochedwetsa ntchito yonse. Nchifukwa chake mukawirikiza kawiri kuchuluka kwa nyukiliyofailo, liwiro la SN2 limawirikizanso kawiri, koma la SN1 silisuntha nkomwe, poti chimene chikudikiridwa ndi kuchoka kwa bulomini.

Posankha pakati pa njira ziwirizi, anthu amakonda kuyang'ana zinthu zitatu ngati zofanana mphamvu: haloalikeni mwini wake, nyukiliyofailo, ndi madzi osungunuliramo. Ine ndimati sizifanana. Yambani ndi kaboni amene wanyamula bulomini, muwerenge makaboni anzake amene amugwira mwachindunji. Nthawi zambiri mlandu umathera pomwepo.

Akakhala kuti wagwiridwa ndi kaboni mmodzi yekha, kapena alibiretu, kumbuyo kwake kuli pululu, kuli timahaidirojeni ting'onoting'ono tokha. Nyukiliyofailo amalowa mosavuta. Komanso kaboni wotere sangapirire kukhala ndi chaji ya + payekha, chifukwa alibe anzake omuthandiza kuisenza, choncho bulomini sachoka popanda womukankha. Apa njira ndi SN2 basi. Chitsanzo chake alimi a fodya akale amachidziwa: CH3Br ndi mpweya uja unkapoperedwa m'manazale pansi pa pepala lapulasitiki kuti uphe tizilombo ta m'dothi, usanaletsedwe chifukwa chowononga ozoni. Ukali wake umachokera pomwepa. Kaboni wake ndi wosatetezeka, ndiye maatomu a salufa ndi naitirojeni a m'mapulotini a chamoyo chilichonse amamugwira mwa SN2, pulotiniyo nkuwonongeka.

Akakhala kuti wagwiridwa ndi makaboni atatu, monga mu (CH3)3CBr, zonse ziwiri zimatembenuka. Magulu atatu a CH3 atchinga khomo lakumbuyo, ndipo ngakhale nyukiliyofailo akhale wamphamvu chotani sangafikeko. Koma magulu omwewo amakankhira maelekitironi awo kwa kaboni wapakati, kotero kuti kabokatayoni akapangika amakhazikika ndithu. Apa SN2 yatsekeka, yatsala SN1. Ndi zimene tinaona m'machubu muja. Ayodaidi anali wokankha, ndipo anakwanitsa pa molekyu yachingwe yokha. Tiufa toyera tija tinali NaBr, mchere umene susungunuka mu asetoni. Siliva sakankha, amakoka bulomini nkupanga AgBr, motero amathandiza molekyu imene ingathe kutsala ngati kabokatayoni.

Mutu umayamba kupweteka pamene kaboni wagwiridwa ndi anzake awiri. Khomo lakumbuyo ndi lopanikizika koma silinatsekeke, ndipo kabokatayoni angapangike koma movutikira. Apa mpomwe mafunso awiri otsala aja amalamula. Tiyeni titsatire molekyu imodzi, CH3CH2CHBrCH3, m'mabotolo awiri.

M'botolo loyamba tiyisakanize ndi NaCN, poizoni woopsa wofuna labotale yeniyeni, m'madzi otchedwa DMSO. Funso la nyukiliyofailo nlosavuta: CN⁻ ali ndi chaji ya −, ndi wamng'ono, ndipo amapereka maelekitironi mosaumira. Sadikira kuti malo apezeke. Nanga DMSO? Iye amakonda kuzungulira ayoni ya sodiyamu, Na⁺, koma alibe haidirojeni womangika ku okosijeni woti agwirire CN⁻. Choncho CN⁻ amatsala womasuka, waukali. Asetoni amachitanso chimodzimodzi. Zonse zikuloza ku SN2, ndipo chotuluka ndi CH3CH2CH(CN)CH3.

Umboni wake ndi wokongola. Kaboni wapakati wa molekyuyi wagwira zinthu zinayi zosiyana, choncho molekyuyo ili ndi mitundu iwiri yofanana monga mmene chinthu chimafanirana ndi chithunzi chake m'galasi. Mukayamba ndi mtundu umodzi wokha, SN2 imakupatsani chotuluka cha mtundu umodzinso, koma chotembenuzika, pakuti wolowayo wabwerera kumbuyo ndipo magulu atatu otsala apindikira mbali inayo. Kutembenuzika kotere kunaonedwa koyamba ndi Paul Walden mu 1896, koma panapita zaka pafupifupi 40 chifukwa chake chisanamveke. Mu 1935 Hughes ndi anzake anasakaniza molekyu yofanana ndi yathuyi, ya makaboni 8 ndi ayodini, ndi ayodaidi wotulutsa cheza kuti athe kuwerenga kusinthana kulikonse. Anapeza kuti mphamvu ya madziwo yopotoza kuwala imatha mofulumira kawiri kuposa mmene ayodini amasinthanirana. Zimenezi zingatheke pokhapokha ngati kusinthana kulikonse kukutembenuza molekyu, chifukwa yotembenuzikayo imafafanizanso mphamvu ya inzake imodzi imene sinakhudzidwe.

M'botolo lachiwiri tiyike molekyu yomweyo m'madzi osakaniza ndi etanolo, popanda mchere uliwonse, nkutenthetsa. Tsopano nyukiliyofailo ndi madzi omwewo, H2O, opanda chaji, ofooka pokankha. Koma madzi ali ndi luso lina. Bulomini akangoyamba kutalikira, mahaidirojeni a madzi amamuzinga nkumuthandiza kusenza chaji ya −, uku maokosijeni akutchinjiriza kaboni wotsalayo. Thandizoli si laling'ono: (CH3)3CCl amataya kilorini wake m'madzi mofulumira kuposa ka 100,000 poyerekeza ndi mu etanolo. Motero m'botolo ili zinthu zimapendekera ku SN1, ndipo chotuluka chachikulu ndi CH3CH2CH(OH)CH3. Kabokatayoni ndi wophwathalala, angalowedwe mbali zonse ziwiri, choncho mtundu winawo umapezekanso. Ndanena kuti zimapendekera, ndipo ndasankha dala mawuwo. Pa makaboni a magulu awiri, madzi amakankhako ndithu kumbuyo, ndipo bulomini wochokayo amazengereza pafupi nkutchinga mbali yake, kotero otembenuzika amachuluka kuposa enawo. Mayeso a kusukulu amafuna yankho limodzi, koma botolo limeneli lili pamalire enieni.

Pali msampha umene umagwira ngakhale odziwa. Munthu amaona (CH3)3CBr ndi NaOH wambiri mu etanolo wotentha, nkulemba kuti ndi SN1 chifukwa magulu ndi atatu. Komatu OH⁻ akalephera kufika pa kaboni sabwerera chimanjamanja. Amathyola haidirojeni wa pa gulu limodzi la CH3, amene ali poyera, bulomini nkugwa, ndipo chotuluka chimakhala mpweya, (CH3)2C=CH2. Uku sikulowana m'malo konse, ndi kuchotsa. Mungazindikire podutsitsa mpweyawo m'madzi a bulomini: mtundu wake wofiirira umazimiririka. Molekyu yathu ya magulu awiri ija imachitanso zomwezo kwambiri ikakumana ndi OH⁻ pamoto, nchifukwa chake m'botolo loyamba tinasankha CN⁻, amene amakonda kaboni kuposa haidirojeni. Wofuna SN1 yeniyeni pa molekyu ya magulu atatu agwiritse madzi kapena etanolo chabe, ndipo asatenthetse kwambiri.

Kuwerenga makaboni nakonso kuli ndi malire ake. Mu (CH3)3CCH2Br kaboni wa bulomini wagwiridwa ndi mnzake mmodzi yekha, koma mnzakeyo wasenza magulu atatu a CH3 amene amalendewera pakhomo lakumbuyo, ndipo SN2 imayenda mochedwa kwambiri. Choncho mukatha kuwerenga, jambulani molekyuyo, muyang'ane ngati njira yakumbuyo ilidi yotseguka.

Ndipo ngati muyesa machubu aja, aumitseni kaye. NaBr amasungunuka m'madzi, ndiye kadontho kotsalira potsuka kangameze tiufa tonse, inu nkuganiza kuti CH3CH2CH2CH2Br wakana ayodaidi pamene SN2 yachitika kale.