Kusanja manambala popanda kufunsa kuti wamkulu ndani

Mutapatsidwa mapepala a mayeso a ana 1,000,000 kuti muwasanje kuyambira wolephera mpaka wokhoza kwambiri, mwina mungayambe ndi kunyamula mapepala awiri n'kuona lomwe lili ndi malikisi ambiri. Pafupifupi aliyense amayambira pomwepo, ndipo njira zambiri zotchuka zomwe makompyuta amasanjira zinthu zimachita chimodzimodzi: zimatenga ziwiri, kuzifananiza, kusuntha china, kenaka n'kutenganso ziwiri zina. Komatu kusanja kotereku kuli ndi malire omwe ngakhale katswiri wanzeru chotani sangawadumphe, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva.

Kufananiza kulikonse ndi funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi. Mapepala atatu angathe kundandalikidwa m'njira 6 zosiyana, ndipo mwa zimenezi yolondola ndi imodzi. Funso limodzi, likafunsidwa mwanzeru, limachotsa theka la njira zomwe zatsala. Mafunso awiri amasiyanitsa njira 4 zokha, ndiye kuti pa mapepala atatu nthawi zina pamafunika funso lachitatu. Mapepala akakhala 10, njira zowandandalikira zimafika 3,628,800, ndipo kuti mudule chiwerengero chimenechi pakati mobwerezabwereza mpaka patsale njira imodzi, muyenera kudula ka 22. Pa manambala osiyanasiyana 1,000,000, masamu omwewo amapereka mafunso opitirira 18 miliyoni. Kompyuta yothamanga imangofunsa mafunsowo mofulumira, koma siwachepetsa.

Tsono taonaninso mapepala a mayeso aja. Malikisi amayambira pa 0 n'kulekezera pa 100. Ana ndi 1,000,000, koma malikisi omwe mwana angapeze alipo 101 okha. Munthu wodziwa zimenezi alibe chifukwa chofunsira ngati 63 ikuposa 58. Angoyala mabokosi 101, n'kulemba nambala pa lililonse, ndipo pepala la malikisi 63 likafika m'manja, nambalayo ndiyo ikumuuza bokosi loponyamo. Kuyang'ana kumodzi kwasankha bokosi limodzi pakati pa 101, pomwe funso la inde kapena ayi limasankha pakati pa ziwiri. Malire aja sanaphwanyidwe ayi. Iwo amanena za njira zofunsa mafunso ofananiza, ndipo munthu uyu sakufunsa mafunso otero.

Pa kompyuta njirayi imatchedwa kauntingi soti, ndipo anaifotokoza ndi Harold Seward mu 1954 ali ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku Amereka. Tiyeni tiiyese pa kagulu kochepa. Ana 8 alemba kamayeso ka malikisi 5, ndipo apeza motere monga mwa ndandanda ya maina awo m'kaundula: 3, 1, 4, 1, 5, 3, 0, 3. Ulendo woyamba timangowerenga. Wopeza 0 alipo mmodzi, opeza 1 alipo awiri, wopeza 2 palibe, opeza 3 alipo atatu, wopeza 4 mmodzi, wopeza 5 mmodzi. Ngati tikufuna malikisi okha, ntchito yathera pomwepa, timangolemba 0, 1, 1, 3, 3, 3, 4, 5. Pa malikisi ofika 100, m'chinenero cha Python zimalembedwa motere:

```python
def counting_sort(malikisi):
    kangati = [0] * 101
    for m in malikisi:
        kangati[m] += 1
    return [m for m in range(101) for _ in range(kangati[m])]
```

Koma mphunzitsi safuna malikisi opanda eni ake. Amafuna dzina la mwana liyendere limodzi ndi malikisi ake, ndipo apa ndi pomwe pali luso lenileni. Kuchokera pa zomwe tawerenga zija, tingathe kudziwiratu mpando wa gulu lililonse mwana aliyense asanasunthe. Wa 0 akhala pa mpando 1. A malikisi 1 ayambira pa mpando 2, ndipo popeza alipo awiri atenga 2 ndi 3. A malikisi 3 ayambira pa 4 mpaka 6. Wa 4 akhala pa 7, wa 5 pa 8. Ulendo wachiwiri timadutsa m'kaundula kuchokera pamwamba. Mwana woyamba ali ndi 3, timamuika pa mpando 4, n'kulemba kuti wa 3 wotsatira adzakhala pa 5. Wachiwiri ali ndi 1, apita pa 2. Timapitiriza choncho mpaka onse atakhala. Ana atatu a malikisi 3 aja akhala monga momwe anatsogozanira m'kaundula, palibe walumpha mnzake. Khalidwe limeneli, losasokoneza ndandanda ya ofanana, lioneka ngati laling'ono, koma zonse zotsatirazi zatsamira pa ilo.

Ntchito yonse yakhala maulendo awiri odutsa mwa ana ndi ulendo umodzi wodutsa m'mabokosi. Ana akachuluka kawiri, ntchito imachulukanso kawiri basi, pomwe mwa njira zofananiza imachuluka kupitirira kawiri.

Nanga bwanji sitisanja chilichonse motere? Vuto ndi mabokosi. Nambala yathunthu yomwe kompyuta imasunga m'mabiti 32 ingakhale iliyonse mwa manambala 4,294,967,296. Kukonzera iliyonse bokosi lake, bokosi lililonse likudya mabaiti 4, ndiye kuwononga magigabaiti 16 a memori, ndipo ngakhale manambala osanjidwawo atakhala 50 okha muyenera kusuzumira m'mabokosi onsewo, pafupifupi onse ali opanda kanthu. Lamulo lake ndi lakuti mabokosi asachuluke kwambiri kuposa zinthu zosanjidwazo. Zaka za anthu, masiku a mwezi ndi malikisi a mayeso zimayenera bwino njirayi. Nambala za foni sizingatheke.

Yankho la vuto limeneli ndi lakale kuposa makompyuta amene. Herman Hollerith anapanga makina owerenga makadi obowola omwe anagwira ntchito pa kalembera wa anthu a ku Amereka mu 1890, ndipo makina osanja makadi omwe anabwera pambuyo pake ankayang'ana mzere umodzi wokha wa khadi pa ulendo uliwonse, n'kugwetsera khadilo m'thumba la dijiti yomwe yabowoledwa. Nambala ya madijiti atatu inkafuna maulendo atatu. Oyendetsa makinawo ankayambira dijiti ya kumapeto, yomwe ili yopepuka kuposa zonse, n'kumabwerera kumanzere. Njira imeneyi ndiyo radikisi soti.

Kuyambira kumapeto kumamveka ngati kuyenda chafutambuyo, choncho ndi bwino kuona ndi maso. Titenge 472, 305, 178, 902, 375, 108. Ulendo woyamba tiyang'ana dijiti yomaliza yokha. Zothera ndi 2 zitsogola, kenaka za 5, kenaka za 8, ndipo tipeza 472, 902, 305, 375, 178, 108. Ulendo wachiwiri tiyang'ana dijiti yapakati. Za 0 pakati ndi 902, 305, 108, za 7 pakati ndi 472, 375, 178, ndipo tizilumikiza momwemo: 902, 305, 108, 472, 375, 178. Pofika apa mndandandawo ukuoneka wosokonekerabe, ndipo woonerera angaganize kuti tikungotaya nthawi. Ulendo wachitatu tiyang'ana dijiti yoyamba. M'bokosi la 1 mugwa 108 kenaka 178, m'bokosi la 3 mugwa 305 kenaka 375, m'bokosi la 4 mugwa 472, m'bokosi la 9 mugwa 902. Tikatolera tipeza 108, 178, 305, 375, 472, 902.

Palibe pomwe tafananiza 108 ndi 178. Pa ulendo womaliza ziwirizi zinali zofanana, zonse zoyamba ndi 1. Chomwe chinaika 108 patsogolo ndi ulendo wachiwiri, ndipo ulendo wachitatu unangolemekeza zomwe unapeza. N'chifukwa chake ulendo uliwonse uyenera kuchitidwa ndi njira yosasokoneza ofanana, monga ya mipando ija. Wolemba pulogalamu akalakwitsa pamenepa, chizindikiro chake n'chodziwika: zotsatira zimasanjika bwino pa dijiti yoyamba yokha, ma 100 onse ali pamodzi, ma 300 onse ali pamodzi, koma m'kati mwa gulu lililonse muli chipwirikiti. Kuyambira kumanzere n'kothekanso, koma pamenepo mulu uliwonse uyenera kusungidwa paokha n'kugawidwanso timilu tina, ndipo pa makadi timilu timeneti tikanadzaza tebulo.

Kompyuta siumirira pa mabokosi 10 monga ife. Kawirikawiri imadula nambala ya mabiti 32 m'zidutswa zinayi za mabiti 8, ndipo chidutswa chilichonse chimafuna mabokosi 256. Maulendo anayi, mabokosi 256, m'malo mwa mabokosi opitirira 4 biliyoni aja. Pa manambala 1,000,000, ulendo uliwonse umakhudza nambala iliyonse kawiri, poiwerenga ndi poisuntha, ndiye kuti zonse pamodzi ndi kukhudza ka 8 miliyoni. Ikani chiwerengero chimenechi pambali pa mafunso opitirira 18 miliyoni aja. Kukhudza ndi kufananiza si ntchito zolemera mofanana ndendende, choncho musawerengere kuti liwiro lidzatsata ziwerengerozi, koma mbali yomwe sikelo yapendekera ikuoneka. Manambala akafika 1,000,000,000, maulendo amakhalabe anayi, pomwe mafunso ofananiza pa nambala iliyonse amakwera kuchoka pa 18 kufika pa 28.

Ena pofotokoza zimenezi amakokomeza ngati kuti masamu agonja. Ine sindikuona choncho. Kuti manambala ambiri akhale osiyana, ayenera kukhala ndi madijiti ambiri, ndipo madijiti akachuluka maulendo amachulukanso. Manambala a mabiti 64 amafuna maulendo 8 a mabokosi 256, ndipo ngati alipo 1,000 okha, omwe njira yofananiza imawamaliza ndi mafunso pafupifupi 9 pa nambala iliyonse, phindu lija latha. Radikisi soti imapambana pomwe manambala ali ochuluka zedi koma aafupi. Imafunanso malo ena olingana ndi mndandanda wonse oti izitsanuliramo pa ulendo uliwonse. Ndipo siona mwayi: mukaipatsa mndandanda wosanjika kale, imayendabe maulendo ake onse, pomwe `sorted` ya Python, yomwe imafananiza, imazindikira zimenezo itadutsamo kamodzi kokha.

Msampha womwe umakola ambiri ndi manambala a pansi pa ziro. Momwe makompyuta amawasungira, biti yoyambirira kumanzere imakhala 1 pa nambala ya pansi pa ziro ndi 0 pa zinazo. Radikisi soti yosakonzekera imaona 1 ameneyo ngati ukulu, ndipo -5 amakapezeka kumapeto, kuseri kwa 900. Mukaona manambala onse a pansi pa ziro ataunjikana kumchira kwa mndandanda, vuto ndi limeneli, ndipo mankhwala ake ndi kutembenuza biti imodziyo musanayambe kusanja n'kuibwezera mukamaliza. Mu kapulogalamu ka malikisi kaja vutoli limabwera mobisala kwambiri. Python imamva `kangati[-1]` ngati bokosi lomaliza, choncho ngati kalaliki analemba -1 pa mwana yemwe sanalembe mayeso, pulogalamuyo sidandaula konse, ingomuwerengera mwanayo m'gulu la opeza 100.